Kalata ya Mwana wa a Telala

Pachipatala chaching'ono chija, cha zipinda zinayi ndi benchi imodzi yopendekeka, aliyense ankawatchula kuti Mayi Bwerezani. Dzina lawo lenileni linkangopezeka pa chidindo. Anali kiliniko ofesa, ndipo wodwala akafotokoza vuto lake, iwo ankatsitsa magalasi n'kunena kuti, "Tabwerezani." Namwino wawo ankanena kuti ngakhale mutawapatsa moni, akhoza kukuuzani kuti mubwereze.

Anali ndi khalidwe linanso limene linkachedwetsa mzere. Akalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu, sankaimata asanaiwerengere mwini wake, mzere ndi mzere, kuchoka m'Chingerezi kupita m'chilankhulo chakwathu. Izi zinayamba kalekale, pamene mayi wina anasunga kalata yotere pansi pa mphasa miyezi iwiri, poganiza kuti mwalembedwa zoti mwana wake sachira. Mwanayo anamwaliradi. Mayi Bwerezani sanadzikhululukire, ndipo nkhaniyi sankaibisa.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa munalowa a Telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo kumsika, atanyamula mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu. Kanali kachinayi kubwera. Masiku ena onse mwanayo ankabwera ndi mayi ake, koma tsikulo mayiwo anatsala kunyumba ndi khanda. Kamtsikanako kanali kakukhosomola kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo diresi limene bambo ake anakasokera linali litayamba kukhwepa m'mapewa.

Mayi Bwerezani anamumvetsera m'chifuwa, kutsogolo ndi kumsana, kenako anakhala pansi n'kulemba. Atamaliza anakankhira magalasi m'mwamba.

"Bambo, mwanayu ndikumutumiza kwa dokotala wa ana kuchipatala chachikulu. Ife pano zipangizo zathu zathera pomwepa. Koma mumve kaye zimene ndalemba. Ndikalakwitsa mundidule."

A Telala anagwedeza mutu, chipewa chili pabondo.

"Ndalemba kuti wakhosomola milungu isanu ndi umodzi. Tinamupatsa amokisilini kawiri, thupi limazizira masiku ochepa kenako n'kutenthanso. Sikelo yatsika kuchoka pa makilogalamu khumi ndi atatu kufika pa khumi ndi awiri. Malungo tinayeza, alibe. HIV alibe. Makhololo sangathe kutulutsa, ndiye tinatumiza chimbudzi chake kumakina oyezera TB, ndipo sanaipeze, ngakhale kuti mwa ana imatha kubisala. Kunyumba palibe wina amene akukhosomola. Kumanja kwa chifuwa, chakumunsi, mpweya sukulowa bwino, ndipo kukumveka kakhweru. Ndikupempha amujambule m'chifuwa ndi kumuyezanso TB. Za chiyambi chake ndalemba kuti chinayamba pang'onopang'ono ngati chimfine, monga anandiuzira mayi ake."

Apa a Telala anatembenuza chipewa chija. Anachitembenuzanso. Mayi Bwerezani anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ankadziwa kuti munthu satembenuza chipewa kawiri popanda chifukwa.

"Pali pamene ndalakwitsa?"

"Iyayi, a Dokotala. Kungoti mayi ake panalibe tsiku limenelo."

"Tabwerezani."

Anabwereza, maso ali pansi. Tsikulo mkazi wawo anali kusikelo ndi khanda, ndipo anawasiyira mwana. Iwo anali pampanipani ndi diresi la ukwati, ndiye kuti mwanayo asavute anamupatsa chitini cha mikanda kuti azisewera nacho pansi pa makina. Anangomva mwanayo akutsamwa. Maso anatuluka, milomo inada, mawu osatuluka. Anamumenya kumsana, anakhosomola kwambiri, kenako analira n'kukhala bwino. Madzulo ake anali akuthamangathamanga ngati kale.

"Ndinkati wameza mkanda, ukatuluka wokha. Mayi ake anali atandiletsa kale za chitini chimenecho. Ndinachita mantha, a Dokotala. Masiku onsewa akamakhosomola usiku ine ndimangoyang'ana kukhoma."

Mayi Bwerezani anamva mkwiyo ukukwera, pakuti milungu isanu ndi umodzi si masewera. Koma atayang'ana bambo uja, anaona kuti chilango anali atadzipatsa kale, chokwanira ndi chotsala. Anadzikwiyiranso okha. Kakhweru ka mbali imodzi kaja anakamva sabata yatha, koma funso loti mwana anatsamwapo analifunsa mayi ake, amene panalibe pamene zinkachitika.

"Mukanangokhala chete lero, ndiye ndikanakukalipirani," anatero. "Mkanda ukhoza kulowa m'njira ya mpweya n'kukhala m'menemo. Wapulasitiki nthawi zambiri suoneka pa chithunzi. Kalata ija ikanapita momwe inalili, akanamufunafuna TB masiku ambirimbiri, mwina n'kumuyambitsa mankhwala a miyezi, chinthu chili phee m'phapo."

Anang'amba kalatayo n'kutenga pepala lina.

"A Dokotala," anatero a Telala motsitsa mawu, "simungalembe popanda kunditchula ine?"

"Dokotala wa ana safuna kudziwa amene anatsegula chitini. Akufuna kudziwa tsiku, chinthu chake ndi zimene zinachitika. Zinazo ndi za inu ndi akunyumba kwanu. Koma ine ndikanakhala inu, ndikanawauza asanamve kwa madokotala."

Analembanso zonse, ndipo pamwamba penipeni anaika kuti mwana anatsamwa mwadzidzidzi akusewera ndi mikanda yapulasitiki, chifuwa n'kuyamba tsiku lomwelo. Akukayikira kuti mkanda uli m'njira ya mpweya yakumanja, ndipo akupempha kuti aonedwe mwachangu ndi amene amalowetsa kachubu koonera m'mapapo. Anadula mzere kunsi kwake kawiri. Anaiwerenganso mokweza, ngakhale namwino anali atasuzumira kale pakhomo katatu. Kenako anaimba foni kuchipatala chachikulu kuti awayembekezere, anaitanitsa ambulansi, n'kuchenjeza a Telala kuti asayese kumupisa chala kukhosi kapena kumugwedeza chadodolido. A Telala anapempha kuti ambulansi isanafike athamangire kaye kunyumba, ali ndi mawu ndi mayi a mwana.

Panapita milungu itatu. Nthawi zambiri odwala otumizidwa sabweranso kudzanena, ndipo Mayi Bwerezani anazolowera, koma uyu yekha ankawasowetsa mtendere. Mwana aliyense akakhosomola pabenchi, ankadzutsa mutu.

Lachisanu lina analowa onse anayi: a Telala, akazi awo khanda lili kumsana, ndi kamtsikana kaja kakukoka chingwe cha sikelo ngati kwawo. Mayiwo ndi amene ananyamula envelopu.

"Anandiuza tsiku lomwe lija," anatero, akuloza amuna awo ndi chibwano. "Sindinawalankhule mpaka mwana atatuluka kutiyeta, kochitira opaleshoni. Chitini chija pano chimakhala pamwamba pa kabati, ngakhale iwowo amachita kupempha."

M'envelopumo munali yankho la dokotala wa ana, ndipo pakona pake anamatapo ndi pulasitala kamkanda kofiira, kochepa ngati nsonga ya chala cha mwanayo.

"Mutiwerengere," anatero a Telala. "Kuja anangotipatsa yomata."

Mayi Bwerezani anawerenga. Mkanda anaupeza m'njira ya mpweya yakumanja ndipo anauchotsa. Chibayo chimene unayambitsa chatha ndi mankhwala. TB sanaipeze. Mwana ayezedwe sikelo pakatha mwezi. Kumapeto dokotalayo anawonjezera ndi cholembera kuti chithunzi sichinaonetse mkandawo, ndipo pakanapanda mawu oyamba a m'kalata ya Mayi Bwerezani, sakanafulumira kuufuna. Phapo lachira bwinobwino.

Pamenepo Mayi Bwerezani anavula magalasi ngati alowa fumbi. A Telala anasendera kutsogolo pampando, atamugwira mwana wawo dzanja.

"Pomaliza paja, a Dokotala, pa phapo paja," anatero. "Tabwerezani."