Diresi la buluu lomwe palibe telala analisoka

Wojambula zithunzi wa mumsewu wathu timamutcha Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu omwe wakhala akuuza anthu kwa zaka makumi atatu. Anayamba ndi kamera ya filimu, akuzungulira m'maukwati panjinga. Filimu itatha ntchito anzake anasiya, koma iye anagula kompyuta yakale n'kuyamba kuphunzira ali ndi imvi kale. Situdiyo yake ndi kachipinda kamodzi pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Muli mpando umodzi, nyale ziwiri, ndi nsalu yakumbuyo yojambulidwa nyumba yosanja yomwe palibe mmodzi wa ife anagonamo. Ine ndine kalipentala, ndipo mafelemu ake ndimakhoma ndine. Ndi munthu wabwino, koma sadziwa kukana, ndipo ntchito akaigwira amaigwira bwino mopitirira muyeso.

Akulu ake a mkazi wanga, popita kukagwira ntchito kutali, anasiya sutikesi kwathu ndi lamulo loti isatsegulidwe. Tsiku lomwe mwana wathu analandira satifiketi ya unamwino, mayi ake anaitsegula, navala diresi lofiira la maluwa oyera. Musaphethire anawajambula, ine ndinakhoma felemu, chithunzi chinakwera pakhoma pabalaza. Kenako uthenga unafika woti alamu akubwera Loweruka, ndipo akufuna kuona chithunzi cha mwana.

"Auzeni zoona," ndinatero.

"Inu simuwadziwa achemwali. Tiyeni kwa wojambula."

Musaphethire anatsegula chithunzicho pakompyuta. Mkazi wanga anati, "Ingolipakani buluu, bambo, tizipita."

Anapakadi, kuti aone okha. Maluwa anafufutika, makwinya anasowa, mkazi wanga anaoneka ngati wavala chitseko.

"Imeneyo ndi penti, mayi. Funsani amuna anu. Penti imabisa mizere ya thabwa, koma pali mankhwala ena omwe amasintha mtundu mizere n'kumaonekabe."

Sindinafune kumuthandiza, koma ananena zoona, ndipo ndinavomera.

Anafufuta pentiyo. Anakulitsa chithunzi n'kuyamba kuzunguliza diresi lokha ndi kamzere, kulambalala khosi, mikono ndi dzanja la mwana lomwe linali m'chiuno mwa mayi ake. Duwa lililonse analipatula kuti likhale loyera. Maluwawo anali osawerengeka, ndipo anawatsata limodzilimodzi, lilime lili panja. Atatha anakoka kabatani kosintha mtundu wokha, kuwala ndi mthunzi osazikhudza. Kufiira kunasanduka buluu, koma makwinya a pamimba anatsala, ngakhale ulusi wa nsalu unkaoneka.

"Mwayi wanu si lakuda. Lakuda lilibe mtundu woti n'kuutembenuza, likanandivuta," anatero.

"Basi latha!"

"Ayi. Onani pansi pa chibwano panu. Diresi lofiira linawalitsira khungu kufiira. Munthu wovala buluu sangafiire pamenepo." Anakonzanso apo.

"Pamimbapo mukanachepetsako," anatero mkazi wanga.

"Bodza limodzi patsiku, mayi."

Loweruka alamu anafika, chithunzi cha buluu chili kale pakhoma. Asanakhale pansi anaima patsogolo pa chithunzi, navala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali. Mkazi wanga anali atagwira thireyi ya makapu.

"Iwe, diresi ili unaligula kuti? Maluwa ake ngofanana ndi langa lofiira lija."

"Kumsika, achemwali."

"Koma ili ndiye labwino. Langa lija n'lachabe. Mawa undibwereke ndipite nalo kutchalitchi, iwe uvale lofiiralo. Likungowola m'sutikesi, sindikudziwa chifukwa chake sunalivalepo."

Mkazi wanga anaika thireyi pansi. Anati diresi lili kwa telala, zipi inaduka.

"Telala uti? Tikalitenge, zipi ndisoka ndekha." Poona kuti mng'ono wawo akungoyang'ana kudenga, anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu simunama. Diresi lili kuti?"

"Lili m'sutikesi yanu," ndinatero.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kutsegula sutikesi mpaka za chibwano. Alamu anavula magalasi, nawavalanso, nasendeza mphuno pafupi ndi felemu.

"Ndiye kuti la buluuli kulibe?"

"Kulibe."

Za sutikesi anakalipa pang'ono chabe. Chomwe chinawawawa n'chakuti anasirira diresi lawo lomwe, n'kulinyozanso pamaso pa anthu. Mkazi wanga sanandiyankhule mpaka Lachitatu.

Lolemba m'mawa ndinapita kukasiya mafelemu kusitudiyo. Ndinapeza alamu atakhala pampando, atavala lofiira lija, chikwama chili pamwendo.

"Buluu yemwe uja, bambo, ndipo maluwa musawakhudze."

Musaphethire anandiyang'ana, nayang'ana maluwa osawerengeka aja, n'kuusa moyo. Kenako anayatsa nyale zake.