Hilario ndi Ayezi wa pa Chikwangwani

Mu Okutobala 1924, Komiti Yoona za Ukhondo wa Tauni inakhoma chidziwitso pakhoma la ofesi ku Nsanje, kumene azungu ankakutcha Port Herald. Chinkati sitolo ya Sinyoro Francisco, pafupi ndi siteshoni, yaloledwa kugulitsa zakumwa zozizira, ndipo ayezi, ndiye kuti madzi oundana, adzafika kuchokera ku Beira sabata ndi sabata "kuti anthu onse apindule". Komiti sinanene kuti dzuwa la m'chigwa linafunsidwa maganizo.

Francisco ankapanga chakumwa cha mandimu chotchedwa lemonedi m'mabotolo otsekedwa ndi kampira ka galasi pakhosi, ndipo tsopano ankafuna chikwangwani. Anaitana Hilario, mwamuna wa kwa Ndamera amene ankasenza mabelo a thonje padoko mpaka msana unayamba kumulankhula. Burashi anaiphunzira polemba manambala pamabelo omwewo, kenaka nkumajambula nsomba ndi nsapato pamakoma a sitolo za Amwenye.

"Ujambule tambula yozizira," anatero Francisco. "Munthu akaiona, pakhosi pamuyabwe. Ikakoma, makoma anga onse ndi ako. Ikaipa, mabelo akukudikira."

Hilario ayezi anali asanamuonepo. Anafunsa kuti amaoneka bwanji, ndipo anamuuza kuti ali ngati mwala woonekera mkati. Iye anadziwa chimene mwala umachita m'madzi. Anajambula miyala yoyera itakhala phee pansi pa tambula, thovu lochuluka pamwamba ngati la mowa wamasese, ndi madontho akuluakulu kunja monga Francisco anamulamulira.

Mkazi wake Esinala anayang'ana thabwa lojambulidwalo, mtsuko uli pamutu.

"Bambo a Magdalena, tambula yanu yadwala malungo?"

"Akuti chozizira chimatero."

"Kuno chimene chimatuluka thukuta ndi chotentha. Ine ndingagule chakumwa chovutika kuposa ine?"

Francisco sanaseke. "Ayezi samira, Hilario! Wandijambulira miyala ya mumtsinje. Thabwa latsala limodzi."

Ayezi anafikadi. Ananyamuka ku Beira ali wamkulu ngati bokosi, atakwiriridwa mu utuchi ndi ziguduli, koma pa Nsanje anatsika ali ngati papaya. Francisco anaswa zidutswa za alendo a pasitima. Hilario anapempha kamodzi.

"Ufuna kumwa phindu langa?"

"Sindimwa, Sinyoro. Ndingoyang'ana."

"Ayezi wa kuyang'ana! Tenga, usanandiuze kuti ufuna kumukwatira."

Hilario anakhala pakhonde, tambula ya lemonedi patsogolo pake. Kachidutswa kanayandama, kamutu kokha kali kunja, thupi lonse lili m'kati. M'mbali kanali koonekera, pakati kali mbuu. Tithovu sitinaunjikane pamwamba ayi. Tinkamera pagalasi ndi pa ayeziyo, nkukwera m'mizere, tating'ono pansi, tokulirapo pamwamba, nkuphulika. Kenaka kunja kwa tambula kunachita chifunga, kulekeza pomwe panalekeza chakumwa. Pamwamba pake galasi linali louma. Chifunga chija chinasanduka timadontho, timadontho tinakumana, ndipo limodzi litalemera linatsetsereka nkusiya kanjira kowala.

Anakhudza ndi chala nkulawa. Munalibe mchere, munalibe shuga. Sanali madzi otuluka m'kati. Anali mame, ngati a pa udzu mwezi wa Juni.

Ayezi atatha, Francisco anamwa yekha lemonedi wofundayo kuti asawonongeke.

Hilario anajambula mame. Chifunga anachipanga pogogoda ndi kansalu konyika mu utoto woyera wosungunula. Dontho lililonse analipatsa kakuwala mbali yochokera dzuwa ndi kamthunzi pansi pake. Kanjira kowala anaika kamodzi kokha, kokhota pang'ono. Esinala anaima nthawi yaitali, kenaka anameza malovu.

"Iyi yachira," anatero.

Panatsala Komiti. Kalaliki wake, a Symon, anabwera ndi chipewa kudzatsimikiza kuti chikwangwani chapamsewu wa boma sichinamiza anthu. Anayeza utali wa thabwa, anayeza mtunda wake kuchokera kungalande, ndipo anaika dzanja pa utoto kuti amve ngati ukuzizira. Analemba kuti chikwangwani ndi choona m'zonse.

Hilario sanabwererenso kumabelo. Anajambula matambula ku Chiromo ndi kwa Ngabu mpaka imvi, ndipo osenza katundu ankakonda kupumira pansi pa zikwangwani zake, ati mthunzi wake ndi wozizirako.

Francisco, ataona kuchepa kwa ayezi amene anafika, sanaitanitsenso wina. Lemonedi ankasungidwa m'chiguduli chonyowa kuseri kwa chitseko.