Mapeto Amene A Januario Anabisa

A Januario a ku Ndirande anali ndi gitala, koma zala zoyimbira analibe. Zitatu za dzanja lamanzere zinatsala mumgodi ku Joni, ndipo eni mgodi anawathokoza ndi bulangeti limodzi. Akazi awo, a Petronela, anapita kwawo ku Mulanje kukaona maliro mu 1975, ndipo maliro amenewo mpaka pano sanathe. Tsono bamboyu ankakhala yekha, kugulitsa palafini wa m'mabotolo pakhonde. Anthu ankabwera, kugula, n'kumapita. Woti akhale pansi acheze nawo panalibe.

Ndiye Loweruka lina masana kunatulukira Onesimo, kondakitala wa basi, bambo wa ana atatu, atakolekera gitala yakale yogula kwa wina pamsana. Anati kuli bandi ina ku Chilomoni ikufuna woyimba gitala yoperekeza, koma adziwe bulusi, nyimbo zija za anthu akuda a ku Amereka.

"Ndamva kuti inu madala munkayimba zimenezi ku Joni."

"Unamva zoona. Khala pansi."

Mawu amenewo a Januario anali asanawauze munthu kwa zaka zitatu, ndipo anawakomera m'kamwa.

Anatola khala n'kujambula pansi mdadada wa zipinda khumi ndi ziwiri. M'chipinda chilichonse, anatero, phazi ligunde kanayi. Makiyi ndi atatu basi. Zipinda zinayi zoyamba ndi za A, ziwiri zotsatira za D, ziwiri zina ubwerere pa A. Chachisanu ndi chinayi E, chakhumi D, ziwiri zomaliza A. Anamugwira zala ndi chala chawo chachikulu ndi chamkombaphala, zimene zinatsala, n'kumaziika pa mawaya chimodzichimodzi.

Vuto la Onesimo linali la tonsefe kuno. Tinakulira nyimbo zimene kiyi imasintha phazi likangogunda kawiri, kuzungulira pompo ngati galu wothamangitsa mchira wake. Kumuuza munthu wotere kuti akhale pa A mpaka phazi ligunde ka khumi n'kasanu n'kamodzi, ndi chilango. Chipinda chachiwiri chisanathe, dzanja linali litathawira kale ku D.

"Ukuthamangira kuti? Akuthamangitsa a Yufi? Khadi lachipani ulibe?"

"Ndili nalo, madala."

"Ndiye khala pa A."

Zinatenga miyezi iwiri. Tsiku limene Onesimo anadutsa zipinda zonse osaphonya, a Januario anasangalala, kenako mantha anawagwira. Anaona kuti kwatsala phunziro limodzi, la momwe nyimbo imathera, ndipo likatha limenelo munthuyu athokoza n'kupita ngati ogula palafini. Loweruka lidzabwerera kukhala ngati Lachiwiri.

"Kwatsala pokhotera," anatero. "Basi ikafika kumapeto kwa ulendo imatani?"

"Imakhota n'kubwerera."

"Eya. Chipinda chomaliza usakhale pa A. Menya E. Khutu likamva E pamenepo silikhazikika, limafuna kubwerera koyamba."

Onesimo anayesa, ndipo nyimbo inadzizungulira yokha. Anaseka mpaka mano onse panja. Mwezi unatha pamenepo.

"Nanga pothera, madala?"

"Pothera n'pa akuluakulu. Pokhotera pachiwiri ukupadziwa?"

Pachiwiri panali pogawa zipinda ziwiri zomalizazo pakati: kugunda kuwiri A, kuwiri D, kuwiri A, kuwiri E. Pachitatu panali pa zala: kachala kakang'ono kagwire waya woyamba, wowonda uja, pa kachitsulo kachisanu ka pakhosi pa gitala, kasasunthe, pamene chala china chikutsika pa waya wachinayi, kuchokera pa kachitsulo kachisanu, kachinayi, kachitatu, kachiwiri, kenako E. Apa Onesimo anatuluka matuza, ndipo a Januario, Mulungu awakhululukire, anakondwera ndi thuza lililonse. Atatha pamenepo anamuonetsa kutsika komweko pa waya wachiwiri, kuchokera pa kachitsulo kachisanu ndi chitatu. Mvula inabwera, inapita. Onesimo anali ndi pokhotera panayi, pothera zii.

Musawaone ngati munthu woipa. Zonse zimene anaphunzitsa zinali zoona, ndipo ankaphunzitsa bwino. Kungoti Loweruka lililonse ankaphika tiyi wa anthu awiri, n'kumamva za madalaivala, za ana a Onesimo, za mayi wina amene anakweza mbuzi m'basi ataiveka mpango. Ndani angataye zimenezo chifukwa cha makiyi awiri?

Koma Onesimo anatopa kudikira. Lamlungu lina anapita yekha ku Chilomoni kukayesedwa, osawauza. Lolemba madzulo anafika pakhonde asanavule n'komwe yunifolomu, nkhope ili gwa.

"Madala, mwandichititsa manyazi."

"Unaphonya?"

"Sindinaphonye. Ndinayimba bwino mpaka a Yakobe, mkulu wa bandi, anagwedeza mutu. Kenako anakweza dzanja kuti tithere. Ine n'kufika chipinda chomaliza, dzanja lapita lokha pa E. Wang'oma anabwerera, wa besi anabwerera. A Yakobe anakwezanso dzanja. Ine E. Kasanu, madala! Mpaka a Yakobe anakazula waya wa magetsi kukhoma."

A Januario anayang'ana mabotolo awo.

"Ati ndibwerere Lachinayi ndikudziwa kuimika basi. Apo ayi atenga wina wa ku Bangwe." Onesimo anawayandikira. "Kodi n'zovutadi chonchi?"

Bodza linalipo lokonzeka. Akanati n'za miyezi itatu, munthuyu akanakhulupirira, malo aja akanapita, Loweruka likanatsala. A Januario analitembenuza bodzalo m'kamwa, ndipo anamva manyazi amene sanawamvepo chichokere ku Joni.

"Tenga gitala yanga ili pakhomapo. Tsika ngati pokhotera pachitatu. Ukafika pansi, usapite ku E. Gwira A, zala uzikankhire kachitsulo kamodzi patsogolo, menya mawaya amene wagwirawo. Tsopano zibwezere pamalo pake, menya kamodzi, usiye ilire yokha."

Onesimo anachita. Gitala inalira, inazirala, inatha. Nkhuku ya aneba inadutsa pakhonde.

"Basi?"

"Basi."

"Zimenezi ndi zimene tadikira chaka?"

"Ndi zimenezo."

Onesimo anawayang'ana nthawi yaitali. Sanatukwane, anali munthu woleredwa. Anakoleka gitala pamsomali, anati zikomo, napita.

Ntchito anaipeza. Ndipo mabandi, monga mudziwa, amayimba Loweruka.

Patapita miyezi iwiri, bandi ya a Yakobe inabwera kudzayimba pa ukwati ku holo ina konkuno ku Ndirande. A Januario sanaitanidwe, komabe anavala jekete, natseka palafini, nakaima kunja kwa mpanda pamodzi ndi ogulitsa mtedza. Bulusi itayamba, phazi lawo linayamba kuwerenga lokha. Zipinda zinayi pa A, osathamanga. Pokhotera poyamba. Ulendo wachiwiri, pachiwiri. Wachitatu, kutsika kuja, koyera bwino, waya uliwonse ukumveka. Kenako zala zinakwera kachitsulo kamodzi, zinabwerera, nyimbo inaima nji, ndipo m'holo anthu anakuwa. A Januario ananyadira, ndipo zinawapweteka kwambiri.

Mayi wogulitsa mtedza anali akuwayang'ana.

"Bwanji bambo, misozi pa ukwati wa eni? Wagitalayo ndi mwana wanu?"

"Ayi," anatero a Januario. "Ndinkamuphunzitsa."