Mafuta a m'mandasi a apongozi

Mkazi wanga atamwalira, ndinapitiriza ntchito yake yokazinga mandasi Loweruka lililonse, chifukwa apongozi ankabwera kuchokera ku Lufita kudzatenga awo monga kale. Ankadya awiri patsiku. Kenako kuchipatala anawauza kuti achepetse thupi, ndipo iwo anaganiza zongowasiyiratu.

Sindinafune kuti asiye kubwera. Ndinabwereka kasikelo kuntchito kuti ndione mafuta amene mandasi amamwa.

Ndinayeza limodzi lisanalowe m'chiwaya, n'kuliyezanso litapsa. Linapepuka.

“Eee, bambo, ndiye kuti mafuta amawondetsa!” anaseka apongozi. “Koleji ija munkaphunzira zimenezi?”

Ndinayang'ana nthunzi imene inkatuluka m'chiwaya kwa kanthawi. Madzi amathawa ambiri kuposa mafuta olowamo. Choyenera kuyeza chinali mafuta.

Ndinayeza chiwaya ndi mafuta ake, n'kukazinga makumi awiri, n'kuwasiya adonthere momwemo. Chitazizira ndinachiyezanso. Magalamu 160 anali atasowa. Ndiye kuti lililonse linamwa pafupifupi asanu ndi atatu, ndipo poti galamu ya mafuta ndi makalori asanu ndi anayi, linawonjezera 72 pamwamba pa ufa ndi shuga.

“Inu mumafulumira,” anatero apongozi. “Mwana wanga ankayamba waponyamo kachidutswa ka ufa wokanda, aone ngati kabwera pamwamba msanga. Mafuta osatentha bwino ndiwo amalowerera.”

Zimenezo sindinkazidziwa. Zaka zinayi za banja lathu ndinkangodya.

“Amayi, bwanji limodzi patsiku?”

Anawerengera asanu ndi awiri m'kambale kawo.

“Loweruka mudikire. Kachidutswako ndidzaponya ndine.”