Zilembo Zitatu za a Mphepo

Ku Simlemba mukafunsa za a Lucious Mphepo, anthu amayamba kukuuzani za njinga yamoto yofiira, kenaka za kabuku. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali mlangizi wa fodya, ndipo kabuku kawo ka m'munda sikanalowemo mawu aatali. Mafomu a kampani anali ndi timabokosi ting'onoting'ono, choncho dzanja lawo lidazolowera kudula. Ulimi wotsata njira zoyenera, umene pa Chingerezi amati Good Agricultural Practices, iwo ankangolemba GAP. Nawonso alimi ankatchula choncho, ngakhale agogo osadziwa kulemba dzina lawo.

Kampani itachepetsa antchito, njinga ija inabwezedwa. A Mphepo anapita pa boma, nalembetsa CV ya tsamba limodzi, yodzaza zidule zokhazokha. Ankanyadira zimenezi. Ankati munthu wodziwa ntchito salongolola.

Anafunsira ntchito malo asanu ndi atatu pa intaneti, koma foni inangoti zii. Mlamu wawo ku Lilongwe anawapezera ya ulonda pa nyumba yosungira katundu, nati malowo awasungira mpaka mwezi uthe. A Mphepo sanafune n'kumva komwe. Bungwe lina lolimbikitsa ulimi wa soya ndi mtedza linali litalengeza kuti likufuna mlangizi wa ku Simlemba konkuno, pakati pa alimi awo omwe aja. Anafunsira, ndipo imeneyo ndiye ankati ndi yawo. Akazi awo, a Feggie, anafika pochapiratu jekete yoti adzavale akaitanidwa.

Masabata anatha osaitanidwa. Mtima unawawawa kwambiri, moti anayamba kunena zimene ankadana nazo kumva kwa ena, zoti masiku ano ntchito n'kudziwana.

Pa maliro a mlimi wina wa ku Kaluluma anakumana ndi mayi Nthanda, amene kale ankayenda nawo m'minda, koma tsopano anali mu ofesi yolemba antchito ya bungwe lomwe lija. Pochokera kumanda, a Mphepo analephera kudzigwira.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani? Ngakhale kundiitana kuti mudzangondiona nkhope?"

Mayi Nthanda anaima. "Inu munafunsira? Achimwene, dzina lanu sindinalione."

Anafotokoza ali chiimire pansi pa mtengo wa mango. Ofunsira anali oposa mazana asanu ndi awiri, ndipo palibe amene akanawerenga onsewo. Ma CV amalowa m'kompyuta, wolemba ntchito n'kutaipa mawu amene akufuna, makinawo n'kutulutsa okhawo amene ali ndi mawuwo.

"Ine ndinataipa monga zinalili pa chilengezo, Good Agricultural Practices. Anatuluka anthu makumi anayi."

"Nanga si GAP yomweyo?"

"Kwa inu ndi ine ndi yomweyo. Makina ena amadziwa, koma athuwa ayi, amangofananitsa zimene zalembedwa. Ndipo kwina wolemba ntchito amataipa chidulecho, wolemba mawu onse n'kutsala. Inu simungadziwe kuti ataipa chiti. Muzilemba zonse ziwiri, mawu athunthu, chidule pambali pake, ngakhale kamodzi kokha."

A Mphepo ankaganiza za malo asanu ndi atatu aja, ndi anthu onse amene anawatukwana mumtima popanda chifukwa.

Lolemba m'mawa foni inalira. Anali mayi Nthanda, mawu ali otsika.

"Ndafika mu ofesi, ndataipa GAP kuti ndingoona. Mwatuluka, achimwene. Pa onse amene atuluka, palibe wofika zaka zanu pa ntchitoyi."

"Ndiye?"

"Kalata ya amene tinamutenga inasainidwa Lachisanu. Pepani."

Tsiku lomwelo anakwera kabaza mpaka pa msewu, nakwera minibasi ya pa boma. Anakhala pambali pa wotaipa n'kumamuuza mawu athunthu a zidule za mu CV ija, chimodzi pambuyo pa chinzake. IPM, njira yothana ndi tizilombo, inakhala Integrated Pest Management, chidule chake pambali. ALP, malamulo oteteza ogwira ntchito m'minda, inakhala Agricultural Labour Practices. Mizere inatalika mpaka kusefukira pa tsamba lachiwiri. Atawerenga, misozi inalengeza. Aka kanali koyamba kuona ntchito yawo yonse italembedwa mosadula, ndipo sinali yochepa.

Mwezi unatha Lachinayi. A Feggie anawaperekeza pa siteji atanyamula jekete yochapachapa ija, poti amati ku Lilongwe alonda amazizidwa. Envulopu ya CV ya masamba awiri ija inali m'thumba la malaya.

Akudikira basi, mlimi wina anatsika pa njinga yakapalasa n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Alangizi, tamva kuti kukubwera za soya. Ndinu nomwe eti? GAP ija sitinaiwaletu."

"Akubwera wina," anatero a Mphepo. "Mukamulandire bwino. Mukamuonetse zimene ndinakuphunzitsani."