Folo ya m'buku la kusikelo

Chaka chimenecho nkhungu inkatsika m'phiri la Zomba pafupifupi m'mawa uliwonse, n'kudzaima kuseri kwa nyumba yathu ku Mtiya. Ine ndinali ndi khanda la miyezi isanu, ndipo ndinkaopa chilichonse, chifuwa cha mwana, agalu, ngakhale envelopu.

Envelopu yoyamba inali ya mng'ono wanga, yochokera ku koleji ya anamwino. Anamukana. Pa mayeso a Fomu Folo anapeza seveni pa Bayoloje, pomwe iwo ankafuna kirediti. Analembanso phunzirolo, kenaka anakwera kuphiri kukadwazika amayi. Amalume anali atanena kale kuti zikakanikanso apite ku Blantyre akagwire ntchito ya m'nyumba, za sukulu zithere pomwepo.

Zotsatira zitatuluka, anatuma ine kukatenga kapepala kusukulu. Ndinakatsegula pansi pa mtengo, mwana ali kumsana. Folo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade Sikisi, kumene wopeza zambiri ndiye wakhoza. Kuchoka pa seveni kufika pa folo, ndinati watsika mwana wa amayi, wagweratu. Ndinakapinda kapepalako n'kukalowetsa m'buku la kusikelo la mwana, poti m'menemo amuna anga sankatsegulamo. Kuphiri ndinatumiza mawu akuti sizinatuluke.

Milungu iwiri ndinayenda ngati ndili m'tulo. Ndikamachapa matewera ndinkamuona mng'ono wanga atavala zoyera, akuyenda pakati pa mitengo ya paini, nkhungu ikumumeza kuyambira kumapazi.

Tsiku la sikelo ndinaiwala kuti kapepalako kali m'buku. Anesi, mayi wonenepa wa magalasi, anatsegula buku, kapepala n'kugwera pa tebulo.

"Mwanayu walemba kale Fomu Folo? Koma ndiye wachangu!"

Amayi onse pa benchi anaseka. Ine misozi.

"Ndi ka mng'ono wanga, anesi. Walephera. Anali ndi seveni, pano folo."

Anavula magalasi. "Mayi, inu! Kumeneko nambala ikachepa ndiye kukhoza. Wani ndiye mfumu, naini ndiye manda. Folo ndi kirediti yabwinobwino. Mwakhala nako masiku angati?"

Nditawauza, pamodzi ndi za ku koleji, anagwira pakamwa. Anati komiti yosankha ophunzira imakhalanso pansi sukulu ikatsala pang'ono kutsegulira, kuona madandaulo ndi malo a amene sanabwere, ndipo kalata ikafika atakhala kale, basi. Analemba kuseri kwa kapepala ka mankhwala zoyenera kuchita, ine ndikungogwedeza mutu.

Ndinakwera phiri tsiku lomwelo, njira yachidule, mwana akugunda mutu pamsana panga. Ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu ankaoneka ngati akuyandama. Mng'ono wanga ndinampeza akutsuka mbatata ya kachewere pamtsinje. Anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, manja akudontha.

"Achemwali, mwati zatuluka liti?"

Ndinanena zoona.

"Mukanandiphikira ndiwo kapepalaka, bwenzi nditadya n'kukhuta," anatero, osaseka.

Kalata anailembera pa thireyi, m'Chingerezi, akundimasulira mzere ndi mzere ngati akundilanga. Yopita kwa wapampando wa komiti, kudzera kwa Rejisitirala. Pamwamba nambala yake yofunsira malo ndi tsiku la kalata yomukana. Kenaka mawu ochepa: munandikana chifukwa cha Bayoloje, ndalembanso, ndapeza folo, ndikupempha muonenso pempho langa. Ine ndinati alembemo za matenda a amayi, za amalume, ndi kuti wolakwa ndine.

"Sakufuna maliro, akufuna folo."

M'mawa mwake tinatsika tonse. Tinajambulitsa mapepala a mayeso onse awiri, akale ndi atsopano, a majisitireti n'kudindapo kuti ndi enieni. Kapepala kenikeni anakasunga yekha, m'kamisolo. Ku koleji mlembi wa mu ofesi anadinda tsiku pa kalatayo, natipatsa kope lathu. Anati komiti ikhala Lachinayi, koma za mayeso olemba kawiri aweruza okha akuluakulu. Linali Lachiwiri.

Tikutuluka, phiri lonse linali litabisika. Mng'ono wanga anayenda patsogolo mpaka pa depoti.

Envelopu yachiwiri inafika patatha milungu itatu, pa adiresi ya kuntchito kwa amuna anga. Sindinaitsegule. Ndinakwera nayo phiri ili m'manja, poyera, kuti aliyense aione. Mng'ono wanga anawerenga ataima pakhomo, kawiri, milomo ikuyenda. Anamutenga, pa malo a wina amene sanabwere, ndipo afike Lolemba ndi mapepala enieni.

Amayi anaimba nthungululu yosasa ali pamphasa. Mng'ono wanga anamasula mwana kumsana kwanga, namukweza m'mwamba.

"Iwe, buku lako lija ndizilisunga ine. Amako ngoopsa."