Tsiku Limene Foni ya Bambo Inakana Kulipira

Bambo anga ndi kalipentala, munthu woyeza thabwa kawiri asanadule. Tsiku logula makina opalira matabwa, foni yawo inakana kulipira. Poti ndine ndimawathandiza za pafoni, ananditembenukira anthu akuona.

"Iwe, wadya ndalama zanga!"

Mayi wogulitsa makinawo anawerenga uthenga umene unabwera pafonipo. "Ndalama zanu zilimo zonse, bambo. Kungoti mtengo wa makinawa waposa malire a ndalama zomwe mungatumize pa tsiku. Lipirani theka lero ndikulembereni lisiti, theka linalo mawa. Apo ayi, pitani kubanki ndi chiphaso akakukwezereni malirewo."

Analipira theka, maso ali pansi. Kenako tinabwerera kwathu.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo panga, chipewa atavula. Mawu oti pepani anawakanika. Anangondipatsa foniyo ndi manja awiri, ngati wamkulu ndine.